Belu la mphindi 25 ndi phokoso la m'komboni

M'makomboni a Lusaka ntchito yofuna mutu imagwiridwira malo amodzi ndi ntchito yofuna pakamwa. Ku Mtendere, ku Chawama kapena ku Matero, kachipinda kamodzi ka shopu kamatha kusunga wotayipa makalata, makina a fotokope, tebulo la ndalama za pafoni ndi alumali yotchajirapo mafoni a anthu. Kuseri kwa khoma kuli wometa tsitsi ndi wayilesi yake, tsidya la msewu kuli bala. Ku Kalingalinga, kumene ophunzira ambiri a pa Yunivesite ya Zambia amachita lendi zipinda, wowerengera mayeso amapikisana ndi owotcherera mageti ndi akalipentala a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Pa malo otere pali mkangano womwe sukutha. Ena akuti wolephera kuika maganizo pa ntchito vuto ndi lake: atchere wotchi mphindi 25, aweramire pa ntchito, apume mphindi 5, ayambirenso. Ena akuti zimenezo n'za anthu okhala ndi ofesi ya chitseko chawochawo, kuno sizingatheke. Mbali zonse ziwiri zili ndi choona chake, koma zonse zimaphonya funso lenileni, loti kodi amadula nthawi ya munthu ndi ndani, ndipo angaiteteze ndani.

Tiyambe ndi a mbali ya wotchi, chifukwa mfundo yawo ndi yolimba kuposa mmene otsutsa amaganizira. Njira imeneyi, yotchedwa Pomodoro, anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira pa yunivesite, pogwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Malamulo ake ndi ochepa. Usankhe ntchito imodzi, uigwire mphindi 25 osatembenukira kwina, upume pang'ono, ndipo ukatero kanayi upume mphindi 15 mpaka 30. Mphamvu yake ili poyambira. Buku la maakaunti lomwe lakhala sabata osatsekulidwa limaopsa, koma mphindi 25 siziopsa munthu. Komanso chilakolako chotsekula WhatsApp chikabwera, pamakhala poimira: dikira belu lilire. Pali ndi umboni wina. Mu 2023 ofufuza a pa Yunivesite ya Maastricht ku Netherlands anayerekeza ophunzira opuma pa nthawi zoikika ndi ophunzira opuma akafuna okha. Opuma mwa kufuna kwawo ananena kuti anatopa kwambiri ndipo maganizo ankawabalalika, ngakhale kuti ntchito yomalizidwa sinasiyane kwenikweni pa magulu awiriwo. Choncho mphunzitsi wa ku George wouza olembanso mayeso a GCE kuti aziwerenga ndi wotchi sakuwanamiza.

Koma taonani bwino mdani amene njirayi imalimbana naye. Cirillo mwiniwake anagawa zosokoneza pawiri: zochokera mumtima mwa wogwira ntchitoyo, ndi zochokera kwa anthu ena. Anaikanso lamulo lomwe ambiri olimbikitsa njirayi salitchula, loti mphindi 25 zija sizigawika. Zikadulidwa pakati zafa, suziwerengera, uyambenso. Pa zosokoneza zochokera kunja malangizo ake ndi akuti umuuze munthuyo kuti watanganidwa, mugwirizane nthawi ina, ndipo nthawiyo ikakwana umufune. Malangizowa amayenda pakati pa antchito a mu ofesi imodzi, amene mawa adzakumananso. Kasitomala wofuna kutapa K200 kuti akwere minibasi sangagwirizane nawe za nthawi ina. Angosuntha mapazi khumi n'kufika pa kanyumba kena ka ndalama za pafoni, ndipo tinyumba totero tadzaza m'mbali mwa msika uliwonse.

Masamu osavuta amaonetsa kukula kwa vutoli. Tiyerekeze kuti pa shopu pamafika munthu mmodzi pa mphindi 10 zilizonse tikaphatikiza tsiku lonse, koma amafika mosapangana, nthawi zina atatu pamodzi, nthawi zina kwa kanthawi zii. Zikakhala choncho, mwayi woti mphindi 25 zithe popanda wofika ndi pafupifupi 8 pa 100, kutanthauza kamodzi pa maulendo 12. Wotsata lamulo la Cirillo mokhulupirika adzakhala akufufuta ndi kuyambiranso tsiku lonse, madzulo n'kudziona ngati waulesi pamene vuto silinali lake. Tsono tiyerekeze nthawi ya m'mamawa, pamene pamafika munthu mmodzi pa ola. Mwayi uja umakwera kufika pafupifupi 66 pa 100, kawiri pa maulendo atatu. Munthu ndi yemweyo, khama ndi lomwelo, wotchi ndi yomweyo. Chasintha ndi kuchuluka kwa ogogoda. Nanga chigawo chachitali cha mphindi 90, chonga chimene amalimbikitsa otsatira buku la Deep Work lomwe Cal Newport anatulutsa mu 2016? Pa shopu ya masana ija mwayi wake ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 8,000. Kulibwino tingonena kuti kulibe.

Apa a mbali ya wotchi amayankha kuti kusokonezedwa kwa mphindi imodzi si imfa, uthandize kasitomala n'kubwerera pomwe unasiyira. Pa ntchito zina akunena zoona. Wochita fotokope masamba 200 akhoza kudulidwa kambirimbiri osataya kanthu, chifukwa pepala lotsatira limadziwika lokha. Koma titenge ntchito ina. Mayi wina ali ndi tinyumba titatu ta ndalama za pafoni ku Kanyama, ndipo madzulo ano buku la kanyumba kamodzi likusonyeza kuti m'kabati mukusowa K90. Kuti apeze cholakwika ayenera kufananiza mizere 120 ya m'buku ndi mauthenga a m'foni ya ntchito, mzere ndi mzere, akusunga chiwonkhetso m'mutu. Wodziwa maakaunti akaona 90 amayamba wakayikira chinthu chimodzi: kusiyana kogawika ndi 9 kawirikawiri kumabwera manambala awiri akasinthana malo. Mwina kasitomala anatapa K540, mtsikana wa m'kanyumba n'kulemba K450. Koma kuti diso ligwire mzere woterowo, mutu uyenera kukhala pa manambala okhaokha. Wina akalowa pa mzere wa 47 n'kufunsa ngati foni yake yadzaza, chiwonkhetso chija chathawa, ndipo chala sichikudziwanso ngati chinali pa 47 kapena 48. Mzere wodumphidwawo ukhoza kukhala womwewo wa K540. Mapeto ake mtsikana adulidwa K90 pa malipiro ake pa ndalama yomwe sanabe.

Pa ntchito yomweyi belu nalonso limasanduka wosokoneza. Ngati kufananiza konse kumatenga mphindi 40, belu lidzalira cha pa mzere wa 75, pakati pa tsamba, ndipo lamulo likuti siya pomwepo. Palibe kafukufuku wa ubongo amene anakhazikitsa kuti 25 ndiye muyeso wa maganizo a munthu. Ndi nambala imene Cirillo anaipeza poyesa yekha. Chothandiza mayi uja ndi kudula ntchito polumikizira pake: masamba anayi a mizere 30, tsamba likatha alembe chiwonkhetso m'munsi, ajambule mzere, ndiye apume. Akadulidwa pakati amataya tsamba limodzi lokha. Sophie Leroy anasonyeza mu 2009 kuti munthu akasiya ntchito yosatha n'kupita ku ina, gawo la maganizo ake limatsalira pa yoyambayo ndipo yachiwiriyo saigwira bwino. Ndiye kuti naye kasitomala wothandizidwa ndi munthu amene mutu wake udakali m'buku ali pangozi yopatsidwa chenje yolakwika. Tisaiwalenso kuti kwa ambiri wotchi yake ndi foni yomwe ija momwe muli Facebook, moti kuyang'ana mphindi zotsala ndi kuyang'ananso mauthenga atsopano.

Pali nambala ina yomwe imayenda kwambiri m'milomo ya ophunzitsa za kagwiridwe ka ntchito, yoti munthu akasokonezedwa pamapita mphindi zoposa 20 kuti maganizo abwerere. Yachokera ku kafukufuku wa Gloria Mark wa pa Yunivesite ya California ku Irvine, koma oitchula amaipotoza. Iye ndi anzake anatsatira antchito a mu ofesi n'kupeza kuti pamadutsa pafupifupi mphindi 25 munthu asanabwerere ku ntchito yodulidwa, chifukwa pakatipo amayamba wagwira ntchito zina ngati ziwiri. Si kuti ubongo umakomoka mphindi zonsezo. Phunziro lake kwa wa pa shopu ndi lakuti kusokoneza kumodzi kumabala kunzake: wathandiza wa foni, waona kuti mapepala atha mu makina, wakumbukira ngongole ya mapepalawo, buku lija latsekeka lokha. Mu 2008 Mark ndi anzake anapezanso chinthu chopatsa mphamvu a mbali ya wotchi pang'ono: anthu osokonezedwa anamaliza ntchito yawo mofulumira kuposa osasokonezedwa. Koma analipira ndi nkhawa, kukwiya ndi kutopa. Ndiponso ntchito yake inali yoyankha makalata, osati yosaka K90 m'mizere 120.

Tsono kwa a mbali inayo, amene amati m'komboni phokoso ndi lochuluka moti zonsezi n'kutaya nthawi. Iwo akulakwitsa poika phokoso lonse m'thumba limodzi. Kuyambira m'ma 1970 ofufuza apeza mobwerezabwereza kuti chimene chimasokoneza kwambiri kukumbukira manambala motsatana ndi mawu a anthu olankhula, ndipo kukwera kapena kutsika kwa mawuwo sikusintha zambiri. Powerenga kuti umvetse, mawu a chilankhulo chomwe umachimva ndiwo amavulaza koposa, ndipo munthu wa ku Lusaka womva Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi ali ndi makomo atatu olowera chisokonezo. Mu 2010 ofufuza a pa Yunivesite ya Cornell anasonyeza kuti kumva mbali imodzi ya munthu wolankhula pafoni kumasokoneza kuposa kumva anthu awiri akucheza, chifukwa sudziwa kuti mawu ayambiranso liti. Pomwe phokoso losasinthasintha, monga la jenereta yolira chapatali kapena mvula pa malata, limaphimba mawu a anthu, ndipo nthawi zina limathandiza. Choncho m'kashopu kaja wovuta kwambiri sakhala wowotcherera wa panja. Amakhala mnzako wa tebulo loyandikana amene akukambirana za lendi ndi alandilodi pafoni.

Ena amabweretsa nkhani ya iwo eni: tinakulira momwemu, tinakhoza mayeso bala likulira usiku wonse, khutu linazolowera. Kuti anakhoza palibe wotsutsa. Koma kuleka kudandaula ndi phokoso n'kosiyana ndi kuleka kuvulazidwa nalo. Mu 1975 Arline Bronzaft ndi Dennis McCarthy anafufuza sukulu ina ya ku New York yoyandikana ndi njanji. Ana a makalasi oyang'ana kunjanji anali m'mbuyo pa kuwerenga poyerekeza ndi anzawo a mbali yabata ya sukulu yomweyo, ndipo a kalasi ya 6 anatsalira pafupifupi chaka. Anawo ankamva sitimazo tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa David Glass ndi Jerome Singer wa mu 1972 akuwonjezera mfundo yofunika kwambiri pa mkangano wathu. Anthu amene anamvetsedwa phokoso lobwera modzidzimutsa anagwira ntchito moipirapo ngakhale phokosolo litatha. Koma amene anapatsidwa batani loti akhoza kulizimitsa anachita bwino, ngakhale ambiri sanalidine n'komwe. Chimafooketsa munthu ndi kusadziwa kuti phokoso libwera liti ndi kusakhala ndi mawu pa ilo.

Mahedifoni amathandiza pang'ono, ndipo sitichedwapo. Odula aja ochotsa phokoso amagonjetsa kulira kwa injini kuposa mawu a anthu. Nyimbo za mawu omveka ndi munthu winanso wolankhula m'khutu. Kukweza kwambiri kuti uphimbe bala kumawononga makutu. Bungwe la WHO limalangiza kusapyola madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Ndipo wokhala ndi ndalama m'kabati sangadzitseke makutu pamalo podutsa aliyense.

Pali vuto lina la Lusaka lomwe mabuku akunja salidziwa. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 21 pa tsiku m'madera ambiri. Pa masiku otere magetsi akabwera, amabwerera onse nthawi imodzi: wa kompyuta, wowotcherera, wa chigayo, wometa ndi mwini bala. Ola lokhala ndi malaiti ndilo laphokoso kwambiri, ola labata ndilo lopanda malaiti. Dongosolo loti tsiku lililonse 9 koloko ndi nthawi ya ntchito yozama limagwa pomwepo. Koma izi sizipereka chigonjetso kwa otsutsa. Zimangofuna kuti ntchito igawidwe mwa mtundu wake. Kuganiza, kukonza mitu ya lipoti, kufananiza mabuku ndi kuwerengera mayeso zimatheka ndi pepala ndi pensulo malaiti kulibe. Kutayipa zolembedwa kale, kusindikiza ndi kutumiza, zomwe siziopa kudulidwa, zidikire magetsi ndi phokoso lake.

Ine ndikuona kuti pa malo ogawana, nthawi ya ntchito yozama singatetezedwe ndi mwini wake yekha. Imatetezedwa ndi anzake, ndipo kachitidwe kake anthu a m'komboni amakadziwa kale m'chilimba: onse amasonkha, mmodzi amalandira zonse pa nthawi yake, kenako wina. Atatu a m'shopu imodzi angapangane kuti kuyambira 2 koloko mpaka 3 koloko mayi wa mabuku akhale pa tebulo la mkati, msana kukhomo, ndipo aliyense wolowa alandiridwe ndi wa fotokope. Mafoni m'ola limenelo aziyankhidwira panja, wayilesi itsike, ndipo dzina la mayiyo lisatchulidwe, chifukwa dzina la munthu limatha kuboola ngakhale pamene sakumvetsera. Neville Moray anaziyesa mu 1959. Zofuna iyeyo zilembedwe pa kapepala kuti azione ola likatha. Mawa lake ola lotero ndi la wotayipa. Pangano lotere limam'patsa munthu batani lija la Glass ndi Singer. Ndipo mkati mwa ola lotetezedwalo wotchi ya Cirillo imayambanso kugwira ntchito, popeza mdani wotsala ndi wa mumtima, amene inapangidwira. Ola limodzi lingaoneke lochepa, koma Newport yemweyo amanena kuti ngakhale akatswiri sapitirira maola ngati anayi a ntchito yozama pa tsiku, ndipo woyamba kumene ola limodzi limamukwana.

Zotsutsa pangano limeneli zilipo, ndipo sizitha zonse. Choyamba ndi ulemu. Munthu wamkulu akati odi, iwe n'kukhala chete maso ali m'buku, mawa komboni yonse imva kuti wayamba matama, ndipo malonda a m'komboni amayenda ndi mbiri ya munthu. Yankho lake ndi lakuti mlendo alandiridwe ndithu, koma ndi mnzako, amene anganene kuti amayi ali pa mawerengero, atuluka posachedwa. Ambiri amamva. Koma apongozi, abusa kapena wobweretsa uthenga wa maliro sadikiritsidwa, ndipo ola limenelo lingofa basi. Chachiwiri ndi ndalama: kulandira makasitomala a mnzako n'kosavuta pa fotokope, koma pa ndalama za pafoni palibe amene angapereke PIN yake kwa woyandikana naye tebulo, moti m'ola lija makasitomala ena adzapita kwina. Pamenepo munthu awerengere yekha ngati komishoni ya ola labata ikuposa zimene amataya chifukwa cha mabuku olakwika. Chachitatu ndicho chovuta koposa. Pangano limafuna anthu olingana mphamvu. Mtsikana wolembedwa ntchito yekha m'kanyumba, kapena mayi wowerengera mayeso mwana ali kumsana m'nyumba ya chipinda chimodzi, alibe wosinthana naye. Kuwauza kuti adzuke 4 koloko m'mamawa n'kuwadula tulo, ndipo mutu wosagona umalakwitsa manambala mofanana ndi mutu wosokonezedwa. Malo abata a aliyense ndi ochepa: laibulale ya mzinda ili m'tauni pa msewu wa Katondo, ndipo malaibulale a Lubuto, monga ya ku Garden, ndi a ana ndi achinyamata. Matchalitchi ndi masukulu a m'makomboni amene zipinda zawo zimakhala zokhoma maola ena pakati pa sabata akanatsekula chimodzi kuti chikhale chowerengeramo, akanathandiza anthu otere kuposa phunziro lililonse la kusunga nthawi.

Wofuna kudziwa mbali imene ikunena zoona pa iye mwini asayambe ndi kutchera belu. Ayambe ndi kuwerenga, monga Cirillo analangizira. Kwa masiku angapo asunge kapepala pambali: akadzisokoneza yekha alembe kachizindikiro kamodzi, akasokonezedwa ndi wina alembe kena, pamodzi ndi ola lake. Zizindikiro za iye mwini zikachuluka, mphunzitsi wa ku George uja akulondola: foni ilowe m'kabati, wotchi itcheredwe. Zikachuluka za ena, wotchi singam'pulumutse, ndipo kudziimba mlandu wa ulesi n'kulakwa. Ayang'ane ola lomwe lili ndi zizindikiro zochepa pa kapepalako, ndipo alankhule ndi anzake a m'chipindamo za yemwe ayambe kulandira ola limenelo.